Mlendo akafunsa za geni ya tomato, timamuyankha bwanji polemba?

M'magulu athu a amalonda, kaya ndi la kumsika, la kutchalitchi kapena la banki m'khonde, mumafika mafunso ochokera kwa anthu omwe sitikuwadziwa. Ena amasiya kakalata kwa mlembi, ena amatumiza uthenga kudzera kwa membala. Tiyerekeze kuti sabata ino kwafika aka, ndipo gulu lakusankhani inu kuti muyankhe chifukwa muli ndi benchi ya tomato:

"Moni nonse. Ndine mayi wa ana atatu, ndangosamukira kumene m'dera lino. Ndili ndi K150,000 ndipo ndikufuna kuyamba geni ya tomato. Kodi ili ndi phindu? Nanga ndingapikule kuti? Chonde ndithandizeni."

Mayankho omwe funso lotere limalandira timawadziwa. Wina amalemba kuti, "Yambani mayi, osaopa, zonse ziyenda." Wina amati, "Tomato ndi woluzitsa, yesani zina." Wachitatu amati, "Mundipeze pambali tikambirane." Onse atatu ayankha, koma mayi uja sanaphunzirepo kanthu. Woyamba wamupatsa mtima wopanda masamu, wachiwiri wamuopseza osamuuza chomwe chimaluzitsa, ndipo wachitatu wachotsa nkhani pamaso pa gulu, pomwe ena akanatha kumukonza akanama.

Kuyankha polemba kumasiyana ndi kucheza pabenchi. Pabenchi mumaona nkhope ya munthu, mumaona ngati wamva, ndipo mukanena mtengo wolakwika mnzanu wapambali amakudulani mawu nthawi yomweyo. Cholembedwa chimatsala. Mayi uja adzachiwerenga lero, adzachiwerenganso pakatha miyezi iwiri mitengo itasintha, mwinanso adzachionetsa kwa mchemwali wake wa ku Zomba yemwe msika wake ndi wina. Choncho ntchito yanu si kumugamulira kuti ayambe kapena asayambe. Ntchito yanu ndi kumupatsa njira yowerengera, yoti iye aikemo manambala a kumene adzakhale, n'kudzionera yekha.

Musanagwire cholembera, werengani kakalatako kawiri, ndipo ulendo wachiwiri yang'anani zomwe sananene. Apa pali zitatu zosowa. Sananene kumene K150,000 yachokera. Sananene kumene adzagulitsire, pakhomo, mumsika kapena koyenda nako pamutu. Sananenenso ngati adagulitsapo chinthu chovunda msanga. Mwa zitatuzi, chachikulu ndi choyamba. Ndalama yosunga yekha ndi ndalama ya ngongole sizichita geni imodzimodzi. Ngati waitenga ku banki m'khonde komwe chiwongoladzanja ndi 20 pa 100 iliyonse pamwezi, ndiye kuti K30,000 iyenera kutuluka m'tomato mwezi uliwonse iye asanadyepo n'komwe. Ngati ndi ya katapila, nkhani ndi yoipirapo. Malangizo omwe angayenere munthu wa ndalama yake akhoza kumumiza munthu wa ngongole.

Apa ambiri amalakwitsa mbali ina: amayankha ndi mafunso okhaokha, asanu ndi awiri kapena khumi, ngati fomu ya kubanki. Mlendo akaona mndandanda wotere amakhala chete ndipo sabweranso. Kumbukirani kuti kufunsa pagulu la anthu osawadziwa kumafuna kulimba mtima. Timanena kuti safunsa adadya phula, koma wofunsayo naye tikamubwezera mafunso m'malo mwa yankho, adzadya phula lomwelo. Funsani awiri okha, omwe yankho lake lingasinthe malangizo anu, ndipo muwaike kumapeto. Pomwe simukudziwa, lembani njira zonse ziwiri: "ngati ndalamayi ndi yanu, chitani chakuti; ngati ndi ya ngongole, chitani chakuti." Akapanda kubweranso, wapitabe ndi kanthu m'manja.

Mzere woyamba uyankhe chomwe wafunsa. Wafunsa ngati tomato ali ndi phindu. Mukatha moni, nenani mosazungulira: phindu lilipo, koma ndi laling'ono kuposa momwe limaonekera, ndipo limadalira kuti katundu athe msanga. Mbiri ya momwe inu mudayambira geni, zaka zomwe mwakhala mumsika ndi mavuto omwe mudapirira zisiyeni. Ngati zikufunika, chiganizo chimodzi ndi chokwanira, chongomudziwitsa kuti akumva kwa wogulitsa tomato osati kwa wogulitsa kaunjika.

Tsopano masamu, omwe ndiwo mtima wa yankho. Manambala omwe ndigwiritse ntchito pano ndi achitsanzo chabe. Inu muikemo a kumsika kwanu a sabata imene mukulemba.

Munthu watsopano amawerengera chonchi. Dengu lapikulidwa pa K40,000 ndipo muli tomato 400. Akaika anayi pamulu, ipezeka milu 100. Mulu pa K700, ndiye kuti K70,000. Kuchotsa K40,000 kutsala K30,000, ndipo mtima wayamba kale kugula malata. Yankho lanu liyenera kumutenga pa K30,000 imeneyo n'kumuyendetsa pang'onopang'ono mpaka pa ndalama yeniyeni.

Yambani ndi ulendo. Iye mwini kupita ndi kubwera, tinene K6,000. Dengu nalo limalipira m'galimoto, K3,000, ndipo wolinyamula kuchoka pasiteji kufika pabenchi atenga K1,000. Dengu la K40,000 lafika pamalo lili la K50,000. Munthu wopanda makasitomala sangalimalize tsiku limodzi. Tinene masiku anayi. Chiphaso cha msika masiku anayiwo ndi K2,000, majumbo K1,000. Zonse pamodzi K53,000.

Kenako tomato mwiniwake. Wapansi padengu amaphwanyika ndi kulemera kwa mnzake komanso mabampu a mumsewu, wina amavunda podikira wogula. Tichotse 40. Banyira, uja timaponyera kasitomala kuti adzabwerenso, adya 20 ena. Atsala 340, yomwe ndi milu 85, osati 100. Ndipo milu 85 imeneyi siigulidwa yonse pa K700. Tsiku lachinayi tomato wafewa, ogula akumutembenuza n'kumusiya, ndiye milu 15 yomaliza ipita pa K400. Milu 70 pa K700 ndi K49,000, milu 15 pa K400 ndi K6,000. Zonse K55,000. Kuchotsa K53,000, phindu la masiku anayi ndi K2,000.

Mukalemba zimenezi mwatsatanetsatane, simufunikanso kumuuza kuti "samalani". Waona yekha pomwe K28,000 yathawira, ndipo waona kuti palibe yemwe wamubera. Waonanso chifukwa chomwe ife akale timapindulira pa ulendo womwewo: timatenga madengu awiri kapena atatu pa thiransipoti imodzi ya munthu, ndipo timawamaliza msanga chifukwa tili ndi otigula a tsiku ndi tsiku. Iye akatengera ife n'kuthira K150,000 yonse m'madengu atatu sabata yoyamba, awiri adzamuvundira akuyang'ana.

Yankho lomwe lathera pamenepa ndi loopseza basi, choncho lionetsenso khomo lolowera. Pafupifupi msika uliwonse uli ndi anthu omwe amafika m'mamawa ndi tomato wambiri n'kumagulitsa pandowa kwa ogulitsa pamilu. Tinene ndowa ndi K15,000 ndipo muli tomato 120. Poyamba imaoneka yodula: tomato mmodzi K125, pomwe kudengu anali K100. Koma dengu lija litafika pabenchi linali la K50,000, ndipo K50,000 kugawa kwa 400 ndi K125 yomweyo. Mtengo ndi umodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wa ndowa amasankha ndi maso, sanayende ulendo, ndipo akhoza kumaliza dzuwa lisanalowe. Akataya asanu ndi atatu pa ovunda ndi banyira, atsala ndi milu 28, yomwe ndi K19,600. Kuchotsa ndowa, chiphaso cha K500 ndi majumbo a K300, atsala ndi K3,800. Mumuuzenso nambala imodzi yoti aziyenda nayo m'mutu: ndalama yomwe walowetsa tsiku limenelo imabwerera pa mulu wa 23. Akamafika madzulo asanagulitse milu 23, ndowa yamukulira kapena malo ake ndi oipa. Kwa ine nambala imeneyi ndiyo mphatso yaikulu m'yankho lonse, chifukwa imamuuza tsiku lililonse ngati ali pamwamba kapena pansi, inu mulibe.

Pa nambala iliyonse yomwe mwalemba, ikani tsiku ndi malo. "Dengu ndi K40,000" ndi bodza lomwe likudikira nthawi yake. "Lachiwiri lapitali ndinapikula dengu pa K40,000 ku Lizulu" ndi zoona mpaka kalekale. Tomato amasintha mtengo ndi nyengo kuposa katundu wambiri: nthawi ya dzinja, makamaka Januwale mpaka Malichi, amasowa ndipo amadula chifukwa mvula imabweretsa matenda m'munda, pomwe m'chilimwe wa kudimba akachuluka mtengo umagwa. Pamwamba pa nyengo pali ndalama yathu. Yemwe adalandira malangizo a mitengo mu Okutobala 2023 n'kuwagwiritsa ntchito mu Disembala, kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala, adapeza kuti thiransipoti yomwe adauzidwa kulibenso. Ndipo mawu akuti "dengu" kapena "ndowa" si muyeso. Dengu la ku Jenda si dengu la ku Lunzu, ndowa yodzaza mpaka kuunjika si ndowa yofika pamlomo. Nenani kuchuluka kwa tomato yemwe munawerenga m'kati, ndipo mumulangize kuti nayenso aziwerenga.

Funso lake lachiwiri, loti angapikule kuti, lili ndi msampha. Tchulani misika, musatchule munthu. Kunena kuti tomato amapezeka wambiri ku Lizulu, ku Bembeke ndi pamphambano ya Tsangano m'mbali mwa msewu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kapena kuti a ku Lilongwe amapikulanso ku Wakawaka, ndi kumuthandiza. Kumupatsa nambala ya foni ya mlimi kapena wopikulitsa wanu ndi nkhani ina. Choyamba, mwini nambalayo sanakuloleni kuigawa kwa alendo. Chachiwiri, mayi uja akatumiza ndalama pafoni katundu osabwera, kapena kubwera wovunda, dzina lomwe lidzatchulidwe pagulu ndi lanu. Chachitatu, wofunsayo simukumudziwa; akakatenga katundu pangongole ponena kuti mwamutuma ndi inu, mwataya wokupikulitsani wa zaka zambiri. Lembani poyera kuti asatumize ndalama kwa munthu aliyense asanaone katundu ndi maso, ngakhale munthuyo atanena kuti ndi wa m'gulu lino. Chiganizo chimenechi chimamuteteza kwa uja wa "mundipeze pambali" popanda inu kutchula dzina la wina.

Pali nkhani yomwe sitikonda kuinena mokweza: mukulangiza munthu yemwe mawa akhoza kuyala tomato moyang'anizana ndi benchi yanu. Palibe lamulo loti muulule zonse. Yemwe amakupatsani mtengo wapadera, malesitilanti omwe mumawaperekera m'mawa, ola lomwe mumafika kopikula, izi ndi zanu ndipo mukhoza kuzisunga. Chomwe sichiloledwa ndi kunama, monga kukweza dala mitengo yopikulira kuti achite mantha. Gulu liwerenga yankholo, ndipo anzanu a tomato adziwa nthawi yomweyo. Ngati mtima wanu sukufuna kuthandiza wopikisana naye, uzani mlembi apatse wina. Chimodzimodzinso ngati funso ndi la usipa kapena makala pomwe inu ndi wa tomato: masamu a ulendo ndi chiphaso mungathandize, koma za momwe usipa umaswekera m'thumba asiyireni eni ake.

Za kalembedwe ndi zochepa. Mlendo ndi "inu" ndi "mayi" kapena "bambo", ngakhale zilembo zake zikuonetsa kuti ndi wamng'ono kwa inu. Musamufunse za mwamuna wake kapena chomwe chamusamutsa. Musalembe mawu omuchititsa manyazi pagulu, onga "anthu inu mumangothamangira geni". Mawu a mumsika omwe iye sangawadziwe muwamasulire pomwepo.

Yankho lonse likhoza kuoneka chonchi:

"Mayi, takulandirani m'dera lino. Ine ndimagulitsa tomato mumsika waukulu. Phindu lilipo, koma ndi lochepa kuposa momwe limaonekera, ndipo limabwera pokhapokha katundu akatha msanga.

"Nachi chitsanzo cha sabata yatha. Dengu la tomato 400 ndinapikula pa K40,000. Ulendo wanga, wa dengu ndi wonyamula zinakwana K10,000. Kwa munthu woyamba kumene lingatenge masiku anayi, ndiye onjezani chiphaso ndi majumbo, K3,000. Zonse K53,000. Mukachotsa ophwanyika, ovunda ndi oonjezera makasitomala, mutsala ndi milu 85 ya anayianayi. Yambiri ipita pa K700, koma yomaliza ikafewa ipita pa K400. Mupeza pafupifupi K55,000. Phindu ndi K2,000 yokha.

"N'chifukwa chake ndikuti musayambe ndi ulendo. Fikani mumsika m'mamawa, mugule ndowa imodzi kwa obweretsa. Sabata yatha inali K15,000, tomato 120. Mukagulitsa milu 23 ndalama yanu yabwerera, yotsalayo ndi phindu. Chitani zimenezi masabata awiri, mukulemba m'kope zomwe mwagula, mwagulitsa ndi zomwe mwataya tsiku lililonse. Ndalama yotsalayo isakhale m'chikwama cha pabenchi. Mukayamba kumaliza ndowa zitatu patsiku, pamenepo ganizirani za dengu. Tomato wambiri amapezeka ku Lizulu, ku Bembeke ndi ku Tsangano, koma ulendo woyamba mupite ndi munthu wozolowera. Musatumize ndalama kwa aliyense musanaone katundu.

"Mitengoyi ndi ya sabata yatha mumsika uno, mvula ikayamba isintha, choncho mufunsenso tsiku lomwe mukuyamba. Za malo ndi chiphaso muonane ndi a komiti ya msika musanayale katundu.

"Ndifunseko ziwiri. Kodi ndalamayi ndi yanu kapena ya ngongole? Ngati ndi ya ngongole ya 20 pa 100 pamwezi, mukufunika K30,000 ya chiwongoladzanja chokha, ndiye ndi bwino kubweza yambiri msanga n'kutsala ndi ya ndowa ziwiri kapena zitatu. Nanga mukufuna kugulitsira pakhomo kapena mumsika? Mukandiyankha ndionjezera."

Taonani zomwe mulibe m'yankholi. Mulibe lonjezo. Mawu akuti "mupindula ndithu" kapena "simungaluze" musawalembe, chifukwa mvula, matenda a mwana ndi mnzake woyala pafupi sizili m'manja mwanu. Mulibenso malangizo a geni zina zisanu. Mayiyu wafunsa za tomato. Mukayamba kumuuza za mandasi, zitenje ndi nkhuku, achoka ali wosokonezeka kuposa momwe anabwerera. Ndipo mulibe nambala yomwe simunaione nokha. Ngati chiphaso cha msika womwe akufuna simukuchidziwa, mutumizeni kwa ochidziwa m'malo mongoponya nambala.

Musanapereke, bwerezani masamu ndi makina owerengera a pafoni. Ziro mmodzi wosowa pa K40,000 amasandutsa malangizo abwino kukhala tsoka. Kenako patsani mnzanu wosagulitsa tomato awerenge, mumufunse funso limodzi: "Ukanakhala mayiyu, mawa m'mawa ukanachita chiyani?" Akayankha kuti akanapita kukagula ndowa imodzi, yankho lagwira. Akayamba kukanda m'mutu, kapena akati akanakwera basi ya ku Lizulu, ndiye kuti chenicheni mwachikwirira pakati, chikwezeni pamwamba.

Yankho la mayi uja nalo lidzakuuzani momwe mwalembera. Akabwera ndi funso lokhala ndi manambala ake, monga "ndowa ndaipeza pa K17,000, ndiike angati pamulu?", wamva njira ndipo akuigwiritsa ntchito. Pamenepo muwerengere naye: K17,000 kuphatikiza K800 ya chiphaso ndi majumbo ndi K17,800, ndipo pa K700 ndalama ibwerera pa mulu wa 26, kutsala milu iwiri yokha ya phindu, akaika atatu pamulu milu ichuluka, koma ayang'ane kaye kuti oyandikana naye akuika angati. Akabwera n'kufunsa kuti "ndiye ndiyambe kapena ndisayambe?", masamu anamuchulukira, mufupikitse n'kungotsala pa ndowa ndi milu 23. Wina m'gulu akatsutsa mitengo yanu, musakangane naye. Mupempheni alembe yake ndi tsiku ndi malo ake, mayiyo aone zonse ziwiri.

Nthawi zina uthenga wachiwiri umakhala wakuti, "Mungandibwerekeko ndowa imodzi, ndidzabweza ndikagulitsa?" Limeneli si funso la malangizonso, ndipo kuyankha loyamba sikukukakamizani kuvomera lachiwiri. Mukhoza kulemba mwaulemu kuti katundu simubwereketsa, koma Loweruka m'mamawa akupezeni pachipata cha msika mumuonetse obweretsa tomato ndi kasankhidwe kake: wolimba, wosaboola mbozi, ndipo theka la ndowa likhale losapsa kwenikweni kuti lidikire mawa.